Mafinya ndi kuwotcha pokodza: zoyenera kuchita kuno ku Joni kuyambira m'mawa umene mwaziona

Nthawi zambiri zimayamba m'mawa. Mwadzuka kuti mukakodze musanathamangire tekisi, ndipo mkodzo ukutuluka ngati mwathira tsabola m'njira. Mukayang'ana kabudula wamkati mukupeza banga lachikasu, kapena kadontho koyera kukamwa kwa chida. Amuna ambiri pamenepa amachita zinthu ziwiri: amakhala chete masiku atatu kuyembekeza kuti zitha zokha, kenako amafunsa mnzawo wa m'chipinda ngati ali ndi makapisozi otsala. Zonse ziwiri zimangotalikitsa nkhani imene ikanatha ndi ulendo umodzi wa ku kiliniki.

Ndinene pachiyambi pomwe, achimwene, kuti mankhwala a vutoli ndi a tsiku limodzi. Chimene chimavuta ndi chimene chimatsatira: kuti aliyense amene munagona naye m'miyezi iwiri yapitayi alandirenso mankhwala, ndi kuti mudziwe kuwerenga masiku oyembekezera. Amene amabwerera ku kiliniki kachiwiri ndi kachitatu, ambiri amakhala atalakwitsa pamenepa, osati pa jakisoni.

Choyamba: yang'anani bwino, koma musafinyefinye

Musanakodze m'mawa, yang'anani chimene chikutuluka. Ngati simunadulidwe, kokerani khungu m'mbuyo kuti muone ngati mafinyawo akuchokera m'kati mwa njira ya mkodzo kapena angodzaza pansi pa khungu. Izi ndi zosiyana. Zoyera zonga chambiko pansi pa khungu, mutu wa chida utafiira ndi kuyabwa, nthawi zambiri zimakhala kutupa kwa khungu chabe, ndipo zikamabwerabwera namwino amayezanso shuga. Koma mafinya otuluka m'njira momwe, pamodzi ndi kuwotcha, amenewo ndi matenda opatsirana pogonana mpaka atapezeka kuti si iwo.

Amene amayambitsa kwambiri ndi awiri. Chinzonono, chimene anzathu a kuno amachitcha diropu, chimafulumira: pakapita masiku awiri mpaka asanu ndi awiri chigonanireni, mafinya amabwera ambiri, olimba, achikasu kapena obiriwirako, ndipo pokodza mumaluma mano. Klamidiya ndi wa phee. Amatha kutenga sabata imodzi mpaka itatu, zotuluka zake zimakhala zochepa, zamadzimadzi, mwina zooneka m'mawa wokha, ndipo kuwotcha kwake kumakhala ngati kunyerenyesa m'kati. Palinso tizilombo tina tiwiri timene timabwera mwa apo ndi apo: tirikomonasi, amene kwa amayi amabweretsa chikazi chonunkha ndi kuyabwa kumene kwathu timakuphatikiza m'dzina la mauka, ndi wina wotchedwa maikopulazima. Bungwe la boma lofufuza matenda opatsirana la NICD, limene lili ku Sandringham konkuno, lakhala likuyeza mafinya a amuna obwera ku makiliniki kwa zaka zambiri, ndipo chaka ndi chaka chinzonono ndicho chimatsogola ndi patali, klamidiya pambuyo pake. Amuna ena amapezeka ndi onse awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake maonekedwe a mafinya sangakuuzeni mankhwala oti mugule. Ngakhale namwino wa zaka makumi awiri pa ntchito sadalira maso ake pa zimenezi.

Mukaona kamodzi, basi. Kufinya chida ola lililonse kuti muone ngati zikadalipo kumatupitsa njira ya mkodzo, ndipo mudzapitiriza kumva kuwotcha ngakhale tizilombo titafa kale.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kunyanja tiyenera kuchikumbukira, chimene namwino wa ku Gauteng sangachiganizire msanga. Ngati kwanu ndi ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay kapena ku Chilwa, ndipo chimene mukuona ndi magazi kumapeto kwa mkodzo popanda mafinya, mwina ndi likodzo lomwe munabwera nalo kuchokera kumudzi. Muuzeni namwino kuti munakulira m'madzi a nyanja kapena m'madambo a mpunga. Mankhwala ake ndi ena, purazikwantelo, ndipo jakisoni wa chinzonono salikhudza n'komwe.

Zimene sizidikira mawa

Ngati tchende limodzi layamba kuwawa mwadzidzidzi kwambiri, latupa kapena lakwera m'mwamba, makamaka kwa mnyamata wachichepere, pitani ku chipatala chachikulu usiku womwewo. Likhoza kukhala kuti lapotokola mtsempha wake, ndipo madokotala amakhala ndi maola ngati asanu ndi limodzi okha kuti alipulumutse. Chimodzimodzi ngati mkodzo wakanika kutuluka, kapena mafinya abwera ndi kutentha thupi kwambiri, kuzizidwa ndi kutupa kwa mfundo za m'miyendo kapena m'manja. Nambala ya 112 pa foni ya m'manja imakufikitsani ku ambulansi.

Chinanso chothamangira: ngati kugonana kosadziteteza kumene mukukukayikira kunachitika pasanathe maola 72, ndipo inu mulibe HIV, pemphani PEP. Ndi mapiritsi a masiku 28 oletsa kachilomboko kukhazikika m'thupi. Maola 72 akadutsa sagwiranso ntchito.

Chachiwiri: musamwe kalikonse musanapite

Apa ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. M'zipinda zathu za ku Rosettenville, Yeoville, Diepsloot ndi Cosmo City simusowa munthu amene ali ndi kathumba ka mankhwala obwera pa basi kuchokera kumudzi: bakitirimu, amokisilini, dokisi, sipuro. Amakupatsani ndi mtima wabwino, n'kukuuzani kuti iye zinamuthandiza chaka chatha.

Chinzonono ndi kachilombo kamene kanaphunzira kupewa mankhwala amodzi amodzi. Penisilini anasiya kuchigonjetsa kalekale. Sipuro ankagwira ntchito bwino, koma dziko la South Africa linamuchotsa pa mankhwala a chinzonono mu 2008 chifukwa tizilombo tambiri tinali titasiya kumumva. M'malo mwake munalowa piritsi lotchedwa sefikisimu, ndipo pofika 2012 konkuno ku Johannesburg kunapezeka amuna amene piritsi limenelinso linawalephera. Kuyambira 2015 makiliniki a boma anasamukira ku jakisoni. Choncho kapisozi wa mnzanu uja ndi chida cha nkhondo imene inatha kale.

Choipa chake si kungolephera kuchiza. Mankhwala olakwika, kapena oyenera koma ochepa, amachepetsa mafinya osapha tizilombo tonse. Inu mumaona ngati mwachira, n'kubwerera kwa mkazi wanu muli nato. Ndipo mukadzapita ku kiliniki patapita sabata, namwino sapezanso chooneka, ndipo zoyeza za ku labu zimatha kusokonezeka. Za mizu ya ku Faraday kapena ku Mai Mai, ndi mabotolo a "kutsuka m'thupi" ogulitsidwa pa siteshoni, n'chimodzimodzi: mudzakodza kwambiri, mudzatsegula m'mimba, koma kachilombo kamakhala m'khoma la njira ya mkodzo, sikakokoloka ndi madzi. Chinzonono chikasiyidwa, mafinya amatha kuchepa okha pakapita milungu, koma kuchepa kumeneko si kuchira. Chimatsikira ku machende n'kuwatupitsa, ndipo kwa ena chimasiya chipsera chimene chimapanikiza njira ya mkodzo, moti patapita zaka munthu amakodza modontheza.

Ngati ululu wakula, panado palibe vuto. Imwaninso madzi. Ngati munamwa kale makapisozi, musabise: tengani chikutu chake mukamuonetse namwino.

Chachitatu: ku kiliniki

Kiliniki ya boma iliyonse imachiza matendawa, ndipo chithandizo cha pa kiliniki n'chaulere. Amene muli m'tauni mukudziwa Hillbrow Community Health Centre ndi kiliniki ya mu Esselen Street. Ku Yeoville, ku Alexandra, ku Diepsloot ndi ku Soweto kulinso zake. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, silinena kuti nzika zokha. Tonse tikudziwa kuti pa geti nthawi zina pamakhala anthu ofunsa mapepala amene si ntchito yawo kufunsa. Mukabwezedwa pamalo amodzi musabwerere kukagona nawo matendawo. Yesani kiliniki ina tsiku lomwelo, kapena dokotala wolipira wa m'dera lanu. Tengani chiphaso chilichonse chimene muli nacho, pasipoti kapena kope lake, kuti akutsegulireni fayilo. Ku famase sakugulitsani mankhwalawa popanda kalata ya dokotala, ndipo amene akukugulitsani mobisa ndi yemwe uja wa mankhwala olakwika.

Lawirirani, chifukwa mzere umayamba kusanache. Yesetsani kuti musakodze kwa ola limodzi kapena awiri musanalowe, kuti mafinya aoneke ndiponso kuti ngati atafuna mkodzo ukhale wothandiza. Ngati chilankhulo chikukuvutani, mawu akuti diropu namwino aliyense wa kuno amawamva. Pemphaninso kalata ya kuntchito. Sailembapo dzina la matenda popanda chilolezo chanu, choncho abwana sadziwa chimene munapitira.

Sisita adzakufunsani mafunso amene kwathu munthu safunsidwa ndi mayi wosamudziwa: munagonana liti komaliza, ndi anthu angati, kondomu inalipo kapena ayi, mnzanuyo akudandaula chilichonse. Yankhani zoona. Ngati panali kugonana kwa m'kamwa kapena kumbuyo, nenaninso, chifukwa chinzonono chimakhalanso kukhosi ndi kumbuyo popanda chizindikiro. Funso la ngati mkaziyo ali ndi chikazi chachilendo si lachabe: yankho lanu ndi limene limasankha ngati akuwonjezerani mtundu wachitatu wa mankhwala. Kenako adzakuyang'anani, kufunafuna mafinya, zilonda, kutupa kwa machende ndi mabomu m'mphechepeche.

Ambiri amadabwa kuti sanawatenge mafinya kupita ku labu. Umu ndi mmene makiliniki a boma amagwirira ntchito, kuno ngakhale kwathu: akaona chizindikiro, amapereka mankhwala opha tizilombo tonse timene timakonda kuchiyambitsa, tsiku lomwelo, m'malo mokuuzani kuti mubwere sabata yamawa kudzamva zotsatira. Mudzalandira izi:

Jakisoni mmodzi wa seftiriyakisoni pa thako, wa chinzonono. Mlingo wake umakhala 250 mg kapena 500 mg malinga ndi malangizo amene malowo akutsatira. Amamusakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi, koma thako limalemerabe tsiku lonse.

Azitiromaisini 1 g, kumwa kamodzi, wa klamidiya. Nthawi zambiri amakhala mapiritsi awiri a 500 mg. Madokotala ena olipira amapereka dokisi wa 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku asanu ndi awiri m'malo mwake. Ameneyo mumalize yense.

Ngati mkazi amene munagona naye ali ndi chikazi chachilendo, amawonjezera metironidazo 2 g, amene ambiri timamudziwa kuti fulajilo, mapiritsi asanu a 400 mg nthawi imodzi. Ameneyu sagwirizana ndi mowa. Khalani masiku awiri osalawa.

Musanabayidwe, nenani ngati munatupapo nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse kapena kubanika mutalandira penisilini. Pali njira ina ya anthu otere. Idyaniko kanthu musanamwe mapiritsiwo, chifukwa azitiromaisini pa mimba yopanda kanthu amachititsa nseru, ndipo mukasanza pasanathe ola limodzi bwererani akupatseni ena.

Musatuluke musanayezetse magazi a HIV ndi chindoko. Njira imene chinzonono chinalowera ndi yomweyo, ndipo njira ya mkodzo ikatupa HIV imalowa ndi kutuluka mosavuta. Zotsatira zabwino za lero sizikunena za kugonana kwa sabata yatha. Kachilomboko kamatenga nthawi kuti kaoneke, choncho mudzayezetsenso pakapita milungu isanu ndi umodzi, ndi kutsimikiza pa miyezi itatu. Chindoko nacho chimayamba ndi kachilonda kosawawa kamene kamapola kokha, munthu n'kuiwala, matenda ali m'magazi. Jakisoni wake ndi wina, wa penisilini wokhalitsa m'thupi. Ngati mulibe HIV ndipo mukudziwa kuti moyo wanu wa kuno uli ndi zibwenzi, funsani pomwepo za PrEP, mankhwala olandiriratu munthu asanakumane ndi kachilomboko. Imateteza ku HIV yokha, osati ku chinzonono. Makondomu a Max ali pa khomo, aulere, tengani ochuluka.

Amene ali ndi ndalama kapena medikoedi akhoza kupempha dokotala kuti atumize mkodzo ku labu monga Lancet, Ampath kapena PathCare kukayeza ndi njira ya PCR, imene imatchula kachilombo ndi dzina. Mkodzo wake ndi woyambirira kutuluka, pang'ono pokha, osati wapakati monga amachitira poyeza matenda a chikhodzodzo. Koma ngati mafinya akuoneka, dokotala wabwino amakubayani tsiku lomwelo osadikira zotsatira.

Chachinayi: kapepala ka mnzanu, ndi kuwerenga masiku

Potuluka adzakupatsani kapepala kakang'ono koti mukapereke kwa amene munagona naye. Pamakhala zilembo zachidule zimene namwino wa kiliniki ina iliyonse amazimva, ndipo wobwera nako amalandira mankhwala ngakhale alibe chizindikiro. Ngati anthuwo ndi awiri, pemphani timapepala tiwiri. Ndaona timapepala timeneti tambiri titatayidwa m'bini ya pa geti, ndipo eni ake ndi omwe amabwerera mwezi wotsatira akunena kuti jakisoni wa boma ndi wamadzi.

Chifukwa chake n'chakuti amayi ambiri amene ali ndi chinzonono kapena klamidiya samva kalikonse. Kachilombo kamakhala pa khomo la chiberekero, kosawawa, kosatulutsa chachilendo. Mkazi akanena kuti "ine ndili bwinobwino", sakunama, koma sizikutanthauza kuti alibe. Pamene inu mwachira, iye amakubwezerani usiku woyamba. Ndipo kwa iye mtengo wake ndi waukulu kuposa wanu: tizilombo timakwera m'machubu, n'kubweretsa kupweteka kwa m'chinena kosatha, mimba yokhala m'chubu imene ingaphe, kapena kusabereka kumene pambuyo pake achibale adzamunenera iye yekha. Ngati ali woyembekezera, mwana amatha kutenga chinzonono m'maso pobadwa, n'kuchita khungu ngati sathandizidwa msanga. Jakisoni uja ndi azitiromaisini n'zololedwa kwa mayi woyembekezera. Dokisi ndiye ayi. Ichi ndi chifukwa china chosamugawira mapiritsi anu kunyumba.

Tiyeni titenge chitsanzo, tiwerenge pamodzi. Bambo wa zaka 34 amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg, amakhala ku Cosmo City ndi mkazi amene anapezana naye konkuno, ndipo mayi wa ana ake ali kumudzi ku Machinga. Anapita kumudzi pa Khirisimasi, n'kubwerera pa 5 Januwale. Loweruka pa 20 Januwale anagona ndi mtsikana wina amene anakumana naye kumowa, opanda kondomu. Lolemba pa 22 anagona ndi mkazi wa pakhomo monga mwa masiku onse. Lachitatu pa 24 kuwotcha kunayamba, Lachinayi mafinya achikasu. Lachisanu pa 26 anabayidwa.

Ndani ayenera kulandira mankhwala? Bwererani m'mbuyo miyezi iwiri kuchokera pa 24 Januwale, mufika kumapeto kwa Novembala. Onse atatu ali m'kati. Mtsikana wa Loweruka ndiye wooneka kuti anabweretsa chinzonono, poti masiku anayi akugwirizana ndi mmene chimayambira. Mkazi wa pakhomo anagona naye Lolemba, bamboyo asanamve kalikonse koma ali nako kale kachilombo, choncho nayenso alandire. Nanga mayi wa ku Machinga, poti bamboyo anachoka kumudzi Loweruka lija lisanafike? Ngati chinali chinzonono chokha cha pa 20, ndiye kuti sichinamufike. Koma ku kiliniki sanayeze, ndipo klamidiya amatha kukhala mwa mwamuna miyezi osadziwika. Bamboyu akudziwa yekha ngati Loweruka lija linali loyamba kapena ayi. Njira yosamuika mayiyo pachiswe ndi kumuuza apite ku chipatala cha pafupi, akanene kuti mwamuna wake wapezeka ndi matenda otulutsa mafinya. Kapepala kaja akhoza kukajambula n'kutumiza pa WhatsApp. Ngakhale zilembo zake zitakhala zachilendo kwa adokotala a kwathu, mawu a mayiyo ndi okwanira. Mankhwala a ku Malawi akhoza kusiyana ndi a kuno, palibe cholakwika. Chosayenera ndi kutumiza mapiritsi pa basi ya ku Park Station n'kunama kuti ndi a mavitamini. Jakisoni sangakwere basi, ndipo simukudziwa ngati mayiyo anatenga pakati pa ulendo wa Khirisimasi uja.

Tsopano masiku. Lamulo ndi masiku asanu ndi awiri osagonana mutalandira mankhwala, ndipo zizindikiro zikhale zitatha. Bamboyu akawerenga kuyambira Lachisanu pa 26, aganiza kuti pa 2 Febuluwale wamasuka. Koma mkazi wa pakhomo anazengereza, anakwiya kaye masiku atatu monga aliyense angakwiyire, n'kupita ku kiliniki Lachiwiri pa 30. Masiku asanu ndi awiri a banjali amayambira pa 30, tsiku la womaliza kulandira, ndipo amatha pa 6 Febuluwale. Akagonana pa 28 mkaziyo asanabayidwe, bamboyo wabwerera poyambira ndipo afunika jakisoni wina, chifukwa mankhwala a Lachisanu si katemera. Chinzonono munthu amachitenga kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Thupi siliphunzira kudziteteza. M'chipinda chimodzi cha bedi limodzi sabata ndi yaitali, ndikudziwa. Ngati zakanikadi, kondomu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma kudikira ndiko kotsimikizika.

Kunena kwake ndiye phiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo apa mvula yake yafika. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kusayamba ndi mlandu wa amene anabweretsa. Popanda kuyeza, ndipo ngakhale mutayeza, palibe amene angatsimikize kuti klamidiya analowa liti m'nyumba. Nenani zimene mukudziwa: "Mayi, ndinapita ku kiliniki, andipeza ndi matenda opatsirana pogonana, andibaya. Akuti nanunso mulandire mankhwala ngakhale simukumva kanthu. Kapepala ndi aka, ndikuperekezani." Za ukwati mudzakambirana, mwina ndi ankhoswe pa foni, koma jakisoni asadikire kuti mlandu uthe. Ngati mukudziwa kuti nkhaniyi ibweretsa ndewu ya manja, muuzeni sisita kapena mlangizi wa pa kiliniki akuthandizeni kuitana mnzanuyo n'kukambirana pamaso pake. Pa nambala yaulere ya 0800 012 322 palinso alangizi a za HIV ndi matendawa. Kwa mtsikana wa Loweruka, uthenga umodzi wa pa foni ndi wokwanira, ndipo musamutukwane. Mwina iye sakudziwa n'komwe.

Chachisanu: kuona ngati zatheka

Mafinya a chinzonono amachepa msanga, kawirikawiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kabudula amakhala wouma. Kunyerenyesa pang'ono pokodza kumatha kutsalira mpaka sabata pamene njira ikupola, makamaka mwa amene amafinyafinya kapena kumwa mowa wambiri. Zimenezo zokha si chifukwa chothamangira jakisoni wina.

Koma ngati pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mafinya akadalipo, kapena anatha n'kubwerera, pitaninso ku kiliniki yomweyo ndi khadi lanu, osati ina kumene adzayambirenso pachiyambi. Sisita adzafunsa kaye zinthu ziwiri: munagonanso ndi munthu amene sanalandire mankhwala, ndipo mapiritsi munamwa onse osasanza? Ngati munagonana, ndi matenda atsopano, ndipo mankhwala ndi omwe aja, ulendo uno pamodzi ndi mnzanuyo. Ngati simunagonane ndipo munamwa bwino, ndiye kuti mwina ndi tirikomonasi amene sanaphedwe ulendo woyamba, kapena maikopulazima amene nthawi zambiri samva azitiromaisini wa mlingo umodzi, kapena chinzonono chosamva mankhwala. Pamenepa malangizo a boma amakweza mlingo: seftiriyakisoni 1 g, azitiromaisini 2 g ndi metironidazo 2 g, ndipo amayenera kutenga mafinya pa kathonje kuti ku labu akameretse kachilomboko n'kuona mankhwala amene kakuwamva. Ngati sanatchule za kathonjeko, funsani, ndipo katengedwe musanabayidwe.

Mukachira, lembani mu foni tsiku la miyezi itatu kutsogolo. Ndi tsiku loyezetsanso HIV ndi chindoko, ndipo amene angakwanitse PCR ayezetsenso mkodzo, chifukwa miyezi yoyambirira imeneyi ndi imene ambiri amatenganso matendawa kwa munthu yemwe uja amene kapepala sikanamufike. Kwa bambo wa ku Cosmo City uja, tsikulo likugwa kumapeto kwa Epulo, ndipo ngati akuganiza zopita ku Machinga pa Pasaka, ayambe wafunsa ngati mayi a ana anapitadi ku chipatala asanagule tikiti ya basi.